Utuchi ndi ufa zimaphulikadi?

"Abale a kuno ku Joni, ndimagwira ntchito kocheka matabwa. Lachisanu lililonse kapitawo amatiuza kuti tipemerere utuchi ndi kompresa. Mnzanga wa kuchigayo akuti tidzaphulika tsiku lina. Zoona zimenezi, kapena akungondiopseza?"

Achimwene, mnzanuyo sakunama. Ine ndakhala zaka zambiri ndikukonza makina m'zigayo zikuluzikulu kuno, ndipo chimene ndimaopa si ufa wa pansi umene aliyense amauona. Ndimaopa wa m'mwamba, wokhala pa zitsulo za denga, pamwamba pa mapaipi ndi pa nyali.

Mukayatsa machesi pa mulu wa ufa, umangonyeka pang'onopang'ono chifukwa mpweya ukufika pamwamba pokha. Koma ufa womwewo ukamwazika m'malere, kambewu kalikonse kamazunguliridwa ndi mpweya, ndiye konse kamayaka nthawi imodzi. Zikachitikira pabwalo ndi lawi chabe. Zikachitikira m'nyumba yotseka, mpweya wotenthawo umasowa kopita, umakankha zipupa ndi denga. Utuchi umachitanso chimodzimodzi, makamaka wosalala ngati ufa, wochoka pokwecha matabwa ouma. Zipalapala zikuluzikulu za pulena siziopsa kwenikweni pa nkhani yophulika.

Tiwerengere limodzi. Fumbi lokhuthala milimita imodzi yokha limalemera pafupifupi magalamu 500 pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, likakhala la ufa. Shedi yanu ikhale yotalika mamita 5 kupita m'mwamba. Fumbilo likadzuka n'kudzaza kuchoka pansi mpaka kudenga, kyubiki mita iliyonse ya mpweya ikhala ndi magalamu 100. Ufa umayamba kuphulika pa magalamu 50 kapena 60. Ndiye mukuona, milimita imodzi yapitirira kale muyeso. Ine ndimayesa ndi chala: ngati ndingalembe dzina langa pachitsulo, kapena penti wake sakuonekanso, pamenepo pachedwa kusesedwa.

Chimapha anthu kawirikawiri si kuphulika koyamba. Koyambako kumakhala kwakung'ono, mwina m'kati mwa makina kapena m'paipi. Kugwedeza kwake kumakutumula fumbi lonse la kudenga lija, limatsika ngati mtambo, n'kupeza moto ukuyaka kale. Ku Imperial Sugar, ku Georgia m'dziko la America, zinayenda choncho mu 2008 ndipo anafa anthu 14, ndi fumbi la shuga chabe. Mu 2012 malo awiri ochekera matabwa ku British Columbia, ku Canada, anaphulika motsatizana, mu Januwale ndi mu Epulo, ndipo malo alionse anafa anthu awiri. Ankacheka mitengo youma kwambiri imene inaphedwa ndi tizilombo.

Tsono kompresa yanuyo ikupanga dala mtambo womwewo. Komanso sichotsa kanthu, imangosamutsira utuchi wosalalawo m'mwamba, kumene tsache silifika. Chatsala ndi kamoto kothetheka basi: wina akuwotcherera pakona, galayinda, beringi yotentha, lamba wokhula pachitsulo, msomali wolowa m'makina. Nyengo yozizira ya kuno, Juni mpaka Ogasiti, mpweya umauma moti ngakhale chitseko cha galimoto chimakugwira kamagetsi. Mapaipi apulasitiki okokera utuchi amasunga magetsi amenewo, n'chifukwa chake pamafunika achitsulo olumikizidwa ndi waya wopita pansi.

Kusesa kwabwino kumayambira m'mwamba kutsika, ndi bulashi yofewa ya mpini wautali, makina atazimitsidwa. Huva ikhale yopangidwira fumbi loyaka, osati ya kunyumba. Ngati pali ngodya imene kompresa yokha ndiyo ingafike, muyambe mwachotsa fumbi lambiri ndi njira zinazo, muzimitse chilichonse chotentha, kenako mupemerere ndi mphepo yochepa. Ndipo kudikira Lachisanu ndi kutali, pafupi ndi makina pamafuna tsiku lililonse.

Pa za mpweya anthu ambiri amasokoneza. Fani yaikulu yoima pakhomo imangouluza utuchi. Chofunika ndi kukoka fumbi pamene likubadwira, pa sowo penipeni, kudzera m'paipi mpaka ku thanki yosefera. Mphepo ya m'paipimo iyenera kuthamanga pafupifupi mamita 20 pa sekondi, apo ayi utuchi umagona m'njira. Gogodani paipi: ikalira mogontha, mwadzaza. Magetsi akathima mwadzidzidzi, monga tinazolowera kuno, zonse zimene zinali paulendo zimagwera m'paipimo, choncho akabwera muyambe mwayatsa chokokeracho chiyende kaye musanayatse sowo. Thanki yosefera ndiyo imaphulika kawirikawiri, ikhale kunja, ndipo chitseko chake chofewa chotulutsira mphamvu chiloze kumene sikudutsa anthu. Ndinaonapo pena ataika benchi yodyerapo nkhomaliro pansi pake penipeni.

Mukamalankhula ndi akapitawo musayambe ndi mawu oti bomba, angakuoneni ngati wovuta. Atengereni pa makwerero, alembe okha dzina pachitsulo cha kudenga. Akakana, lamulo la chitetezo pantchito la 1993 limakakamiza bwana kuchotsa zoopsa zotere, ndipo dandaulo limapita kwa oyendera a ku Leba.