Kapu yanu ndi yaitali mamita 10

"Ndatsitsa fayilo ya tebulo ndi kapu, ndaika mu Blender. Kapu ikugwa mochedwa kwambiri, nyali siikuwala, ndipo Depth of Field siikuchita kanthu. Chavuta n'chiyani?"

Achimwene, musakhudzenso nyaliyo. Dinani kapuyo, mukanikize N, muone Dimensions. Mupeza 10 m pamene pamayenera kukhala 0.1 m. Amene anakonza fayiloyo ankayeza m'masentimita, Blender yawerenga manambala ake ngati mamita, ndiye chilichonse chakula ka 100. Anthu amenewa amandikwiyitsa zedi! Kumwaza fayilo osalemba n'komwe muyezo wake, wina n'kuchezera usiku wonse akuganiza kuti kompyuta yake ndiyo yafa.

Pa kugwapo m'pamene pamapweteka mutu, chifukwa palibe chooneka cholakwika. Gravity ili pa -9.81 monga mwa nthawi zonse. Koma tebulo la 0.75 m tsopano ndi la 75 m. Kuchokera pa 0.75 m chinthu chimafika pansi m'masekondi 0.39, mafuremu 9 okha pa 24 fps. Kuchokera pa 75 m chimatenga masekondi 3.9, mafuremu pafupifupi 94. Kukula ka 100, kuchedwa ka 10. Diso likuona kakapu, koma chikugwacho n'chachikulu ngati nyumba yosanja. Munthu amayamba kukweza Gravity, kenako kapu ikuboola tebulo, kenako akuonjezera Substeps, zonse kungosokonekera.

Nyali nayo yatalikira ka 100, ndipo kuwala kumachepa ka 100 × 100. Nyali ya Point ya 10 W ikufunika 100,000 W kuti iwale chimodzimodzi. Sun yokha ndiyo siisintha, n'chifukwa chake ambiri sazindikira msanga.

Kamera ya 50 mm pa F-Stop 2.8 ikalunjika chinthu chili pa mita imodzi, masentimita 6 kapena 7 okha ndiwo amaoneka bwino, kwinako mbuu. Ikalunjika chinthu chili kupitirira mamita 30, zonse zakumbuyo zimaoneka bwino, ndipo kapu yanu ili pa mamita 100.

Kukonza kwake: Shift+C, pivot ikhale 3D Cursor, sankhani zonse ndi A, kanikizani S, lembani 0.01, kanikizani Enter, kenako Ctrl+A musankhe Scale. Mukasiya Ctrl+A, Rigid Body imachita zachilendo. Bwezani mawati ndi Focus Distance pamanja, fufutani bake yakale. Unit Scale isakunamizeni, imangosintha manambala amene mukuwaona, kugwa kumakhala komweko.

Koma kunena zoona, pa tinthu ting'onoting'ono muyezo weniweni umavutanso. Margin ya Rigid Body, mpata umene Blender imasiya mozungulira chinthu pogundana, imayambira pa 0.04 m, masentimita 4 pa kapu ya masentimita 10, ndiye kapuyo imayandama pamwamba pa tebulo kapena kunjenjemera. Tsitsani Margin ifike 0.001. Zikakanikabe, kulitsani zonse ka 10 mwadala, Speed ya Rigid Body World muike 3.16, nyali muzikweze ka 100, F-Stop 0.28.