Mutu wa fupa la ntchafu ukasowa magazi

"Agogo anagwa kudimba kuno ku Ntcheu, khosi la fupa la ntchafu linathyoka, nchifukwa chiyani adokotala akuti mutu wake ungafe?"

Achimwene, mutuwo ndi nsonga yobulungira ya fupa la ntchafu yomwe imalowa m'chiuno, ndipo khosi ndi kagawo kocheperako kamene kali pansi pake. Magazi ochuluka opita kumutuwo amachokera mumtsempha wozungulira kuseri kwa khosilo, ndipo tinthambi take timakwera titamatirira pafupa penipeni. Fupa likathyoka n'kusuntha, mwendo n'kufupika phazi litagonera kunja, tinthambito timaduka kapena kupindika, ndipo kamtsempha kolowera pakati pa mutu sikakwanitsa kuudyetsa kokha, makamaka mwa okalamba. Chovuta n'chakuti ekisire yoyamba sionetsa imfayi. Mutuwo umadzaphwanyika pakapita miyezi, mwina zaka 2, ululu wa m'mphechepeche n'kubwerera. Nchifukwa chake kwa agogo madokotala amakonda kuikapo mutu wachitsulo m'malo molumikiza ndi zomangira.