Dabulo topu imatsimikizika kandulo ikatseka pansi pa khosi

"Achimwene, ndikangoona M pa tchati ndimagulitsa, ndikaona W ndimagula, koma mtengo umangopitirira n'kundidyera Stop Loss. Kodi dabulo topu ndi dabulo botomu n'zabodza?" Watero wowerenga wina wa ku Ndirande.

Si zabodza ayi achimwene, koma mukulowa msanga. Pa tchati ya malonda a ndalama zakunja, M ndiye dabulo topu, W ndiye dabulo botomu. Mtengo ukakwera n'kugunda malo amodzi kawiri, ndiye kuti pamenepo pali ogulitsa, basi. Sizikutanthauza kuti ogula atha mphamvu.

Tiyerekeze ndi EURUSD, mtengo wa yuro pa dola ya ku America, pa H4, tchati imene kandulo iliyonse imaimira maola anayi. Mtengo wakwera kuchokera pa 1.0700 kufika pa 1.0900, watsika kufika pa 1.0820, kenako wakweranso n'kulekeza pa 1.0895. Apa ndi pomwe inu mumagulitsa. Koma taonani chigwa cha pakati chija, 1.0820. Amenewo ndiwo malire omwe timawatcha khosi, ndipo mtengo ukadali pamwamba pake, msika ukadali wokwera. Kawirikawiri umakhala ukungopuma, kenako umadutsa 1.0900 n'kukokolola onse amene anaika Stop Loss, malire otsekera malonda akamaluza, pamwamba pa nsongazo. Ambiri mwa madabulo topu amene anthu amati alephera anali asanakhwime n'komwe.

Chitsimikizo n'chakuti kandulo itseke pansi pa 1.0820. Itseke ndithu, osati kungolasa ndi mchira n'kubwerera. Pa dabulo botomu mungotembenuza: kandulo itseke pamwamba pa nsonga ya pakati pa W.

Tsono pali vuto lina, ndipo limandipweteka kuona anthu akulinyalanyaza. Pipu imodzi apa ndi 0.0001, ndipo kuchokera pa nsonga kufika pa khosi pali mapipu 80, choncho mwamwambo timayembekezera kuti mtengo ungatsike mapipu 80 enanso, kufika pa 1.0740. Kandulo ikatseka pa 1.0810 inu n'kugulitsa pomwepo, Stop Loss ili pa 1.0905, ndiye kuti mwaika pachiswe mapipu 95 kuti mupeze 70. Malonda otere ine sindilowa. Ndimadikira mtengo ubwerere pa 1.0820 kuchokera pansi. Ukakanika kudutsa, ndimagulitsa pamenepo, Stop Loss cha pa 1.0850: kutaya 30 kapena kupeza 80. Nthawi zina subwerera, umangopita, ndipo pamenepo mungousiya.

Onaninso kumene M wanuyo wachokera. Dabulo topu imatembenuza msika umene unali kukwera kwa nthawi ndithu. Ngati mtengo wakhala ukungoyendayenda pakati pa malire awiri, ma M ndi ma W amaoneka paliponse, makamaka pa M5, tchati ya makandulo a mphindi zisanu, ndipo alibe chotembenuza.

Ngakhale yotsimikizika imatha kulephera. Malipoti a ntchito a ku America, omwe kawirikawiri amatuluka Lachisanu loyamba la mwezi, amafika 14:30 kapena 15:30 nthawi ya kuno ku Blantyre malinga ndi nyengo, ndipo amatha kubweza mtengo pamwamba pa khosi m'mphindi zochepa. Kandulo ya H4 ikatsekanso pamwamba pa 1.0820, chifukwa chimene munagulitsira chatha. Tulukani, musadikire kuti Stop Loss ikutulutseni.