Andilemba ntchito koma ndikudikira yankho la kwina: ndingapemphe masiku owonjezera?

"Zikomo achimwene. Lolemba pa 14 Julayi ndalandira kalata yondilemba ntchito ya akaunti ku kampani ina ku Kanengo. Akuti ndisayine pofika Lachisanu pa 18, ndikayambe pa 1 Seputembala. Koma kumene mtima wanga uli ndi ku bungwe lina ku City Centre, komwe ndinachita intavyu yomaliza Lachinayi lapitali ndipo anati ayankha pakatha masabata awiri. Panopa ndili pantchito ina yolandira pamwezi. Kodi ndingapemphe a ku Kanengo kuti andidikireko osawakwiyitsa? Ndinene zoona kuti ndikudikira kwina?"

Achemwali, kupempha ndi kotheka, ndipo anthu amapempha ndithu. Koma foni yoyamba musaimbire a ku Kanengo. Yambani ndi a ku City Centre, mawa lomwe m'mawa, chifukwa simungapemphe masiku musakudziwa kuti mukufuna angati.

"Pakatha masabata awiri" ndi mawu amene aliyense wochititsa intavyu amanena akamakuperekezani pakhomo. Nthawi zina amakhala oona, koma kawirikawiri pamadutsa mwezi. Intavyu ikatha, amene anakufunsani mafunso aja amalemba lipoti, lipotilo limadikira kusayinidwa ndi mkulu amene mwina ali kumsonkhano kunyanja, kenako a ofesi yoona za antchito amayamba kufunsa kwa anthu amene munawatchula kuti angakuchitireni umboni. Ngati ndi bungwe loyendera ndalama za othandiza akunja, mwinanso dzina lanu liyenera kukavomerezedwa kulikulu lawo. Zonsezi a ku Kanengo sangazidikire mwachimbulimbuli, ndipo inunso simuyenera kutero.

Muwaimbire ndi kunena mosabisa kuti: "Ndalandira kalata ya ntchito kwina ndipo akufuna yankho Lachisanu. Kunena zoona ndikanakonda kugwira ntchito ndi inu. Kodi n'kotheka kudziwa pamene zafika, ndi tsiku limene mungandiyankhe?" Dzina la kampani inayo simuyenera kulitchula, ngakhalenso malipiro. Mukadula foni, tumizani imelo yaifupi yonena zomwezo, kuti munthu wa muofesiyo akhale ndi choti akawaonetse abwana ake.

Tsono mvetserani bwino mmene akuyankhireni, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Olemba ntchito amene akukufunani amatekeseka akamva kuti mukhoza kuwapulumuka. Amati "tipatseni mpaka mawa masana," amakufunsani manambala a anthu okuchitirani umboni, amafuna masatifiketi, ena amafunsa kuti notisi yanu ndi yaitali bwanji. Koma akangoti "zikadali m'kati, tidzakudziwitsani," opanda tsiku, opanda funso lililonse, dziwani kuti mwina muli pa nambala yachiwiri, kapena ndalama za ntchitoyo sizinatsimikizike. Zikatero ine sindingakulangizeni kuti muvutitse a ku Kanengo ndi pempho, chifukwa masiku atatu kapena asanu sadzasintha kanthu. Mapanga awiri avumbwitsa.

Tiyerekeze kuti a ku City Centre anena kuti pofika Lachiwiri pa 22 adzakhala atakuyankhani. Apa ndiye mwapeza chopempha chenicheni. Pemphani a ku Kanengo mpaka Lachitatu pa 23, osati pa 22 penipenipo, chifukwa kalata yolonjezedwa Lachiwiri imafika nthawi yoweruka kapena m'mawa mwake. Kuchoka Lachisanu kufika Lachitatu ndi masiku asanu kwa inu, koma kwa iwo ndi masiku atatu okha a ntchito, popeza Loweruka ndi Lamlungu palibe chimene akanachita ndi kalata yanuyo. Pempho lotere bwana akhoza kulivomera ali pafoni pomwepo. Masabata awiri ndi nkhani ina, pamenepo ayamba kaye wakafunsa anzake, ndipo pofunsapo wina adzanena kuti "nanga uja anali wachiwiri uja?"

Munthu wachiwiriyo musamuiwale, chifukwa ndi amene amachititsa kuti pakalata pakhale tsiku lomaliza. Sanamuuzebe kuti walephera. Akumusunga mpaka inu mutasayina, ndipo tsiku lililonse limene mukuchedwa iye akhoza kupeza kwina, iwo n'kutsala manja lende n'kuyambanso kulengeza ntchito m'nyuzipepala. Mukamvetsa mantha amenewa mudziwa chowatonthoza nacho, chomwe ndi tsiku loyamba ntchito. Taonani kawerengedwe kake. Lamulo la za ntchito la Employment Act la 2000 limati munthu wolandira pamwezi apereke notisi ya mwezi umodzi. Mukasayina pa 23 Julayi n'kupereka notisi mwezi usanathe, Ogasiti yense mugwira kumene muliko, ndipo pa 1 Seputembala mwafika ku Kanengo monga anafunira. Masiku mwapemphawo sawadyera kalikonse, ndipo muwauze zimenezi ndi pakamwa panu, musayembekeze kuti awerengera okha. Ingoyang'anani kaye kontilakiti ya kumene mukugwira, chifukwa ena, makamaka a maudindo akuluakulu, anasayinira miyezi itatu ndipo anaiwala.

Pemphani a ku Kanengo Lachiwiri pa 15 masana kapena Lachitatu pa 16 m'mawa. Kupempha Lachisanu nthawi ya 4 koloko, tsiku lomaliza litakwana kale, kumaoneka ngati mumawazemba sabata yonse, komanso amene angavomereze akhoza kukhala atatuluka. Imbirani munthu amene anasayina kalatayo kapena amene anakuuzani pafoni kuti mwapambana. Ngati kalata inachokera ku ofesi yoona za antchito koma mumalankhulana bwino ndi bwana wa ku akaunti amene mudzakhale pansi pake, yambani ndi bwanayo. Iye ndi amene anakusankhani, ndipo a ofesi inayo kawirikawiri amangomufunsa kuti "kodi mungadikire?"

Foni ikatha lembani imelo. Mudzailemba m'Chingerezi monga mwa maofesi athu, koma mfundo zake zikhale izi:

"Bwana, zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu ya pa 14 Julayi. Ndasangalala kuti mwandisankha ndipo ntchitoyi ndikuiganizira mofatsa. Monga tinakambirana pafoni, ndikupempha kuti mundilole kupereka yankho langa lomaliza pofika Lachitatu pa 23 Julayi nthawi ya 12 koloko masana, m'malo mwa Lachisanu pa 18. Izi sizisintha tsiku loyamba ntchito la pa 1 Seputembala. Chonde nditsimikizireni pa imelo ngati mwavomera. Ngati sizingatheke, ndiyankha pofika Lachisanu monga kalata ikunenera."

Chiganizo chomalizacho ndi chofunika kwambiri, musachichotse. Chikuonetsa kuti mukungofunsa, simunakane ntchito ndipo simunaike zofuna zanu zatsopano. Pa malamulo a mapangano, kufunsa ngati chinthu chingatheke sikupha zimene akupatsani, koma kunena kuti "ndivomera pokhapokha mutachita chakuti" kumatengedwa ngati mwakana zawozo n'kubweretsa zanu. Dziwaninso kuti malinga ngati simunasayine, iwo ali ndi ufulu wobweza kalata yawo, ndipo tsiku lomaliza likadutsa popanda yankho kalatayo yatha mphamvu. N'chifukwa chake ndikulimbikira za imelo. "Palibe vuto mayi, tengani nthawi yanu" wapafoni ndi wokoma kumva, koma bwanayo akapita kutchuthi Lachinayi, wotsala muofesi adzangoona kalata yonena za pa 18 ndi malo osayina ali mbee. Ngati pofika Lachinayi madzulo sanakulembereni, kumbutsani kamodzi, ndipo akakhalabe chete tengani kuti tsiku ndi Lachisanu lomwe lija.

Za kunena zoona, maganizo anga ndi awa. Simukakamizidwa kufotokoza chifukwa, ndipo "ndikufuna kuganiza mofatsa ndi kukambirana ndi akunyumba" ndi zokwanira ngati zilidi zoona. Koma bwana wozolowera kulemba anthu adzakufunsani mwachindunji kuti "kodi pali kwina?" Pamenepo vomerani: "Eya bwana, pali kwina kumene ndinachita intavyu kalata yanu isanafike, ndipo alonjeza kuyankha Lachiwiri. Ndikufuna ndikasayina kwa inu ndisayine ndi mtima umodzi." Musawauze kuti kwinako ndi kumene mumakukonda, palibe amene amafuna kumva kuti ndi wongogwirizira. Ndipo chonde, musapeke maliro kapena matenda a mwana. Anthu a ntchito imodzi mu Lilongwe amadziwana, ambiri anaphunzira limodzi ndipo amakumana m'misonkhano ya bungwe la akatswiri a za akaunti la ICAM, moti n'zotheka kuti amene akukufunsirani umboni ku City Centre ndi mnzake wa amene mwamunamiza ku Kanengo.

Musaphatikizenso pempholi ndi nkhani ya malipiro. Ngati ndalama zachepa, imeneyo ndi nkhani payokha. Kupempha masiku ndi kupempha ndalama pa foni imodzi kumamveka ngati mukuwagulitsa pamsika, ndipo bwana amene akanakupatsani chimodzi amakana zonse ziwiri.

Akhoza kukana, kapena kukupatsani mpaka Lolemba basi. Musakwiye nazo, mwina wachiwiri uja nayenso wawapatsa tsiku. Bwererani kwa a ku City Centre muwauze tsiku lenilenilo. Akakuuzani pafoni kuti "ntchito ndi yanu, kalata ikubwera," apempheni alembe ngakhale imelo ya mizere iwiri yotchula udindo, malipiro ndi tsiku loyamba. Popanda cholembedwa, mulibe ntchito ziwiri, muli ndi imodzi ndi lonjezo. Kumene mukugwira panopa musapereke notisi mpaka mutasayina kwina ndipo kope losayinidwa lili m'manja mwanu.

Ena adzakuuzani kuti mungosayina ku Kanengo, kwinako kukatheka mudzathawe. Lamulo lija limanenadi kuti pa nthawi yoyesedwa ntchito, imene siyenera kupitirira miyezi 12, mbali iliyonse ikhoza kuthetsa mgwirizano popanda notisi, choncho ambiri amene amachita zimenezi safika nazo kukhoti. Koma werengani kalata yanuyo muone zimene ikunena pa nthawi yoyesedwa ndi pa notisi, ndipo ganizirani kuti mukangosayina iwo amuuza wachiwiri uja kuti walephera. Mukadzabwerera m'mbuyo pakatha sabata, khomo la kampani imeneyo mwalitseka, pamodzi ndi la kulikonse kumene bwanayo adzasamukire. Ine ndikanakhala inu, Lachisanu litafika a ku City Centre asanalembe kanthu, ndikanayang'ana kalata ya ku Kanengo payokha n'kudzifunsa ngati ikuposa ntchito imene ndili nayo lero. Ngati ikuposa, sayinani, kenako lemberani a ku City Centre tsiku lomwelo kuti achotse dzina lanu. Ngati siikuposa, ikaneni mwaulemu Lachisanu lisanathe, mupitirize kudikira muli pamalipiro anu akale.