Chenjezo la m'Chipwitikizi pa tsamba la banki

"Anzanga, foni ndinagula ku Tete, zonse imalemba m'Chipwitikizi. Lero ndikati nditsegule tsamba la banki pa Chrome ikundilembera kuti A sua ligação não é privada. Ndingopitirira?"

Achimwene, musapitirire kaye. Mawuwo ndi omwe aja m'Chingerezi amati "Your connection is not private", kutanthauza kuti Chrome yakayikira satifiketi ya tsambalo, chiphaso chotsimikizira kuti mukulankhuladi ndi banki yanu osati munthu wina wobisala pakati. Koma Chipwitikizicho musavutike nacho. Yang'anani m'munsi pang'ono, pali mzere wa zilembo zazikuluzikulu woyamba ndi NET::ERR. Umenewo susintha chilankhulo, ndipo ndi umene umanena pamene pavuta.

Mukapeza palembedwa izi, yambani mwakayikira foni yanu yomwe:

```
NET::ERR_CERT_DATE_INVALID
```

Satifiketi iliyonse imakhala ndi tsiku loyambira ndi tsiku lothera ntchito, ndipo foni imayerekeza masikuwo ndi wotchi yake. Wotchiyo ikasokonekera, satifiketi yabwinobwino imaoneka ngati yatha kapena sinayambe kugwira ntchito. Zinawachitikira mayi anga aang'ono: batire inatheratu, foni inakhala masiku angapo chizimire, poyatsa deti n'kubwerera zaka zingapo m'mbuyo. Tsamba lililonse linkakana, iwo n'kumati awabera. Tinangokonza deti ndi nthawi, n'kuika kuti zizisintha zokha, basi zonse zinatseguka. Chizindikiro chake n'chakuti masamba onse amakana, ngakhale google.com. Koma deti ikakhala yolondola, tsamba lokana n'kukhala limodzi lokhalo, ndiye kuti eni ake aiwala kukonzanso satifiketi. Adikireni akonze.

Ikakhala NET::ERR_CERT_AUTHORITY_INVALID kapena NET::ERR_CERT_COMMON_NAME_INVALID, apo ndiye pofunika kusamala. Yoyambayo ikunena kuti amene anapereka satifiketiyo foni sikumukhulupirira, yachiwiriyo kuti dzina lili pa satifiketi silikugwirizana ndi tsamba mwatsegulalo. Kawirikawiri zimachitika pa Wi-Fi ya ku hotela kapena ku ofesi imene imafuna mulowe kaye patsamba lake. Zimitsani Wi-Fi, muyesenso ndi bandulo yanu. Zikapitirira, imbirani banki pa nambala imene ili kuseri kwa khadi lanu.

Kabatani kopitirira kamabisala pansi pa "Advanced" kapena mawu ofanana nawo m'Chipwitikizi. Ineyo ndimakadina pokhapokha ndikutsegula rauta yanga kunyumba, monga pa 192.168.1.1, poti ndikudziwa chimene chili mbali inayo. Pamene pakufunika pasiwedi, PIN kapena nambala ya khadi, ayi ndithu. Masamba ena sakupatsani n'komwe kabataniko, ndipo amachita dala.

Chinanso: tsamba lonse likafiira, imeneyo si nkhani ya satifiketi. Ndiye kuti Google inaliika pa mndandanda wa masamba achinyengo kapena ofalitsa mavairasi, ndipo kukonza deti sikungathandize. Litsekeni, ndipo ngati munafikako podina linki ya pa WhatsApp kapena SMS, lembani nokha adiresi ya bankiyo.

Tiuzeni zimene zalembedwa pa mzere wa NET::ERR uja, tione pamodzi.