Ndiwauze bwanji makasitomala kuti mabotolo 6 sindizibweretsanso?

"Ndimapanga chiponde ku Area 25 mu Lilongwe n'kumaperekera m'magolosale. Ambiri amaoda mabotolo 6, pomwe wakabaza wa njinga yamoto amandilipiritsa K4,000 kupita ndi kubwera. Pa botolo limodzi ndimapindula K600. Ndikufuna aziyambira mabotolo 24 koma ndikuopa kuti andithawa. Ndiwauze bwanji?"

Mayi, maganizo anuwa ndi abwino, koma 24 mwalumpha kwambiri. Tiwerengere limodzi. Phindu la mabotolo 6 ndi K3,600, ndiye mukamulipira wakabaza mwaluza K400 ya m'thumba mwanu. Pa mabotolo 12 phindu ndi K7,200, ndipo mutsala ndi K3,200. Kagolosale ka m'makwalala kangakwanitse 12, koma 24 akakhala pashelefu mpaka mafuta kuyandama pamwamba, kenako mwini wake adzati chiponde chanu sichiyenda malonda. Yambirani pa 12.

Auzeni kudakali milungu itatu, ndipo tchulani tsiku lenileni. Amene amakugulani kawirikawiri muwauze pamaso kapena kuwaimbira foni. Munthu amene wakhala nanu chaka chonse zimamuwawa kumvera nkhani yotere pa gulu la WhatsApp. Uthenga wolemba ubwere pambuyo, ndipo ungakhale wotere:

"Zikomo bwana pogula chiponde chathu. Kuyambira pa 1 mwezi wamawa, oda yomwe tizikubweretserani pashopu iziyambira mabotolo 12. Mtengo wa kabaza wakwera, ndipo taona kuti ndi bwino kutero kusiyana ndi kukweza mtengo wa botolo. Mukafuna ochepera apo, mutha kudzatenga nokha kuno pamtengo womwewo."

Mwaona kuti mulibe mapepani ambirimbiri? Mukapepesa kwambiri, wagolosale amaona ngati mpata wonenerera ulipo. Chifukwa chimodzi choona ndi chokwanira, makamaka cha kabaza chomwe iyenso amachidziwa akamakaoda katundu m'tauni. Chomwe chimam'fewetsa mtima ndi chakuti mtengo sunasinthe, choncho musakweze mtengo mwezi womwewo. Ngati mukudziwa kuti mtedza ukadula mudzakweza, musalonjeze kuti mtengo ukhala pomwepo mpaka kalekale.

Magolosale awiri oyandikana muwalole kuphatikiza oda, wina 6 wina 6, poti ulendo wa njinga ndi umodzi womwewo.

Koma yembekezerani mawu awa: "Bweretsani 12 yo, theka ndilipira ndikagulitsa." Mukavomera, ndalama yogulira mtedza yakhala pashelefu ya munthu wina, ndipo mwangosinthanitsa vuto la kabaza ndi la ngongole. Ameneyo muuzeni adzatenge yekha 6 pa kashi.

Pakatha miyezi iwiri tsegulani kope lanu la maoda. Amene ankatenga 6 sabata iliyonse ndipo tsopano akutenga 12 pa milungu iwiri sanakuthaweni, mukupulumutsa K4,000 pa iye milungu iwiri iliyonse. Amene wangoti zii osabweranso kudzatenga yekha, mumuimbire mumve ngati vuto ndi mpamba kapena wapeza wina womubweretsera.