Musawonjezere mtanda chifukwa cha manyazi

"Anandipeza ndi shuga, achipatala anati ndichepetse nsima. Koma apongozi akuti ndikunyoza chakudya chawo, anzanga akuti ndikudzimana. Nditani abale?"

Amayi, musagonje ayi. Ine zinandionekera pa chinkhoswe cha mlamu wanga kumudzi, ndili pa mankhwala a shuga a metformin. Ndinatenga mtanda umodzi wa mgaiwa, nkhwani wambiri ndi nthuli ya nkhuku. Apongozi anabwera n'kuima pambali panga, anthu onse akumva, n'kuti, "Kodi mwana wanga sakukudyetsani? Taonani mmene mwaondera, anthu aziti chiyani?" Mukudziwa nokha chimene anthu amaganiza akamva kuti munthu waonda. Azimayi anayamba kunong'onezana. Apongozi anandiwonjezera mitanda iwiri ya ufa woyera ndi dzanja lawo, mpunga pambali, kenako chikho cha thobwa lothira shuga. Anakhala pomwepo kundiyang'anira mpaka mbale inayera.

Usiku umenewo sindinagone. Kukhosi kunauma, madzi ndimwe bwanji ludzu osatha, kutuluka panja pafupipafupi mumdima kwa eni, maso akuona mwachimbuuzi. Kamakina koyezera shuga kanaonetsa 19, pamene kuchipatala anandiuza kuti pakatha maola awiri nditadya isapitirire 10. Ndinalira. Amene anandikakamiza aja anali mtulo, ndipo m'mawa anangoti mwina ndi malungo! Amuna anga nthawi ya chakudya ija anangoti zii, maso m'mbale. Zimenezo zimandiwawabe mpaka lero.

Ndiye dzigawireni nokha, mbale isachoke m'manja mwanu. Theka la mbale likhale masamba, kwinako ndiwo, nsima yofanana ndi chibakera chanu basi. Musanamizidwe kuti mgaiwa mungadye mmene mufunira, nawonso umakweza shuga ukachuluka. Idyani pang'onopang'ono, chifukwa mbale ikayera msanga ndi pomwe amawonjezera. Akaumirira, nenani kuti, "Amayi, zakoma kwambiri, mundikulungire ndikadye madzulo." Thobwa ndi zakumwa zotsekemera kanani, pemphani madzi. Koma musathawe chakudya chonse pofuna kupewa mkangano. Ngati mumabaya insulin kapena kumwa glibenclamide, shuga akhoza kutsikiratu, n'kuyamba kutuluka thukuta, kunjenjemera, mwinanso kukomoka.

Anzanuwo musataye nawo nthawi. Matenda anu si nkhani ya gulu, simukuyenera kufotokozera munthu aliyense. "Ndakhuta, zikomo" n'kokwanira, mubwereze kangapo osasintha mawu. Komabe kwa ine apongozi anasiya pokhapokha amuna anga atakhala nawo pansi awiriwiri, n'kuwaonetsa kabuku ka kuchipatala ndi mankhwala, n'kuwauza kuti shuga amatha kuwononga maso, impso ndi mapazi. Inu mukanena akuti mwano, mwana wawo akanena amamva. Choncho yambani ndi bambo a kunyumba usiku uno, ndipo pa tsiku lanu la kliniki mupite nawo akamve okha kwa anamwino.